Kusanja manotsi omwazikana kukhala makwerero a mfundo, kuyambira zapansi mpaka zapamwamba

Semesita ikafika pakati, manotsi a kosi imodzi amakhala atabalalika malo anayi kapena asanu. Ena ali m'kope limene mumalembamo m'kalasi, ena m'masilayidi amene aphunzitsi anatumiza, ena ndi zithunzi za bolodi zimene mnzanu anaponya pa gulu la WhatsApp tsiku lija kombi yochokera ku Mabvuku inakuchedwetsani, ndipo mapepala a tyutoriyo ali chipindire pansi pa chikwama. Ambiri akafuna kukonza zimenezi amangotsata madeti, sabata yoyamba, yachiwiri, mpaka kumapeto. Vuto ndi lakuti dongosolo la kalasi limamvera kalendala. Holide inalowerera, aphunzitsi awiri anagawana kosi, mutu wina unafulumizidwa kuti ukwane mayeso a pakati. Ndiye mfundo imene inaphunzitsidwa sabata yachisanu ndi chitatu ikhoza kukhala ndiyo inkafunika kuti mumve za sabata yachinayi.

Njira imene ndimagwiritsa ntchito ndi anyamata ndi atsikana a kwathu kuno ku Mufakose, ena a ku yunivesite ku Mount Pleasant, ena a ku Harare Polytechnic, ena a m'makoleji a madzulo m'tauni, imasanja mfundo potsata funso limodzi lokha: kodi mfundo iyi ndingaifotokoze popanda kutchula inayo? Ngati sindingathe, inayo ili pansi, iyi ili pamwamba pake. Maganizo amenewa si achilendo. David Ausubel analemba mu 1968 kuti chimene chimakhudza kwambiri kuphunzira ndi zimene wophunzira akudziwa kale, ndipo Joseph Novak, pa yunivesite ya Cornell mu 1972, anatenga maganizo omwewo n'kuyamba kujambula mapu a mfundo olumikizidwa ndi mizere. Ifeyo tichita zofananako, koma ndi mapepala ndi pensulo, ndipo chitsanzo chathu chikhala mutu umodzi wa akaunti ya chaka choyamba: dipirisiyeshoni, kutanthauza kugawa mtengo wa katundu pa zaka zimene agwire ntchito, komanso kugulitsa katundu wa bizinesi.

Choyamba: sonkhanitsani zonse, muziike manambala

Musayambe ndi kosi yonse. Tengani mutu umodzi umene unatenga masabata awiri kapena atatu. Ikani zonse za mutuwo patebulo, ndipo gwero lililonse mulipatse chilembo. Kope likhale K, masilayidi S, zithunzi Z, mapepala a tyutoriyo T. Lembani nambala pa tsamba lililonse la kope ngati mulibe manambala. Kuyambira pano K14 akutanthauza kope tsamba 14, S5/9 akutanthauza masilayidi a sabata yachisanu, silayidi yachisanu ndi chinayi. Zithunzi za m'foni zichotseni pa gulu muziike mufoda imodzi, apo ayi mudzataya theka la ola mukuzifunafuna pakati pa mauthenga a maliro ndi a chikwati. Pa gawo ili musawerenge mozama, musakoperenso kanthu.

Chachiwiri: mfundo imodzi, khadi limodzi

Dulani mapepala a A4 zidutswa zisanu ndi zitatu pepala lililonse. Mapepala olembedwa kale mbali imodzi ndi abwino, safuna ndalama. Tsopano dutsani m'manotsi onse, ndipo mukakumana ndi mawu amene aphunzitsi akhoza kufunsa kuti "fotokozani", alembeni pa khadi lake. Pamwamba lembani dzina monga mmene lidzabwerere pa mayeso, m'Chingerezi. Pansi pake lembani chiganizo chimodzi m'mawu anuanu, m'Chichewa kapena m'Chishona, chilichonse chimene mutu wanu umaganizira. Pakona lembani kumene mfundoyo ikupezeka: K14, S5/9, T3.

Apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi kulemba mutu wa phunziro m'malo mwa mfundo. "Sabata 6: katundu wokhalitsa" si mfundo, ndi thumba lokhala ndi mfundo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Ngati chiganizo chanu chikufuna "ndi" kawiri kapena katatu kuti chithe, muli ndi makhadi awiri pa pepala limodzi.

Wachiwiri ndi chinthu chimodzi chokhala ndi mayina awiri. Mu akaunti zimenezi n'zambiri, chifukwa mabuku akale ndi malamulo a masiku ano satchula zinthu mofanana. Kope lanu likhoza kunena fikisidi aseti pamene masilayidi akunena noni karenti aseti. Pepala la tyutoriyo likhoza kunena neti buku valiyu pamene lamulo la IAS 16, limene limayendetsa za nyumba, makina ndi zipangizo, limati keringi amaunti. Ndi chinthu chomwecho. Khadi likhale limodzi, mayina onse awiri pamwamba. Mukapanga makhadi awiri, makwerero anu adzakhala ndi nthambi ziwiri zonamizira, ndipo mudzaloweza chinthu chimodzi kawiri mukuganiza kuti n'zosiyana.

Zitsanzo zowerengetsera ndi mafunso akale musazipatse makhadi. Malo ake abwera.

Pa mutu wathu, titatha kuphatikiza mayina obwerezedwa, timatsala ndi makhadi 19 kapena pafupi ndi pamenepo. Mukapitirira 30, mutu umene mwasankha ndi waukulu, ugaweni.

Chachitatu: funsani khadi lililonse kuti likuimira pa chiyani

Ntchito yeniyeni ili pano, ndipo musathamange. Nyamulani khadi limodzi, mulifotokoze mokweza ngati mukuuza mng'ono wanu wa fomu 2. Mvetserani mawu amene mukugwiritsa ntchito. Mawu alionse amene ali ndi khadi lawo pa tebulopo ndi mawu amene mfundo yanu ikuimirapo. Alembeni kuseri kwa khadi pansi pa mawu akuti "ikufuna". Dzina lililonse limene mwalemba pamenepo tiziliona ngati muvi wochokera ku mfundo yapansi kupita ku yapamwamba.

Titenge dipirisiyeshoni. Tinene kuti mayi wina wa shopu ku Highfield wagula furiji ya $1,200 yoikamo zakumwa. Furijiyo igwira ntchito zaka zambiri, choncho sikoyenera kuti mtengo wake wonse ugwere chaka chimene yagulidwa. Dipirisiyeshoni ndi kugawa mtengo wa katundu wokhalitsa, mutachotsa mtengo umene adzatsale nawo pamapeto, pa zaka zimene adzagwire ntchito, kuti chaka chilichonse chisenze gawo lake ngati ekisipensi, kutanthauza zimene bizinesi yawononga kuti ipeze ndalama. Tamvani zimene zatuluka m'chiganizo chimenechi: katundu wokhalitsa, mtengo wotsala, zaka zogwira ntchito, ekisipensi, ndiponso lamulo lakuti ekisipensi ilembedwe m'chaka chimene yathandiza kubweretsa ndalama, lija timalitcha machingi. Zonsezi zili pansi pa dipirisiyeshoni.

Koma musalembe zonse zisanu. Lembani zokhazo zimene zili pafupi. Zaka zogwira ntchito ndi mtengo wotsala zimaimira kale pa katundu wokhalitsa, ndipo machingi amaimira kale pa ekisipensi. Choncho kuseri kwa khadi la dipirisiyeshoni kukhale zitatu zokha: zaka zogwira ntchito, mtengo wotsala, machingi. Zili ngati potchula mbumba: mumatchula amene anakuberekani, agogo amadziwika okha kudzera mwa iwo. Mukalemba aliyense, khadi lapamwamba lidzakhala ndi mivi khumi ndi iwiri ndipo chithunzi chonse chidzangokhala ukonde wosawerengeka.

Samalani ndi mawu akuti "zikugwirizana". Mu kosi imodzi chilichonse chimagwirizana ndi chinzake. Dipirisiyeshoni imagwirizana ndi msonkho, imagwirizana ndi ngongole ya ku banki imene anagulira furiji, koma mukhoza kuifotokoza bwinobwino osatchula msonkho kapena banki. Muvi umajambulidwa pokhapokha kufotokoza kukukanika popanda mfundo inayo. Samalaninso ndi dongosolo la m'kope. Kuti aphunzitsi anayamba ndi debiti ndi kirediti, mbali ziwiri zolemberamo akaunti, asanafike pa dipirisiyeshoni sizitanthauza kuti dipirisiyeshoni ikufuna debiti ndi kirediti. Munthu akhoza kumvetsa chifukwa chake mtengo wa furiji ukugawidwa chaka ndi chaka asanaonepo leja, buku lolembamo maakaunti. Debiti ndi kirediti zidzafunika pamene tikufuna kulemba zimenezi m'mabuku, ndipo limenelo ndi khadi lina.

Mwana wa mlongo wanga, pochita gawo ili, anandifunsa kuti, "Amalume, nanga ndikafotokoza n'kupezeka kuti ndagwiritsa ntchito mawu amene alibe khadi?" Yankho ndi lakuti wapeza dzenje m'manotsi ake. Mwina anajomba tsiku limenelo, mwina aphunzitsi anaganiza kuti aliyense anazibweretsa kuchokera ku sekondale. Pangani khadi latsopano, mulichonge ndi inki yofiira, mudzalidzaze kuchokera m'buku la kosi kapena kwa mnzanu. Kawirikawiri pa mutu uwu khadi lofiira limakhala la machingi. Ophunzira ambiri ali ndi fomula ya dipirisiyeshoni m'malo atatu, koma chifukwa chake sichinalembedwe pena paliponse.

Chachinayi: yalani makhadi m'masitepe

Pezani malo aakulu, patebulo kapena pamkeka. Sankhani makhadi amene kuseri kwake kulibe kanthu. Amenewo ndi sitepe 1, aikeni pafupi ndi inu. Kenako funani makhadi amene zonse zimene akufuna zili kale pansi. Amenewo ndi sitepe 2. Pitirizani choncho mpaka makhadi athe m'manja. Lamulo lake n'losavuta:

sitepe ya khadi = 1 + sitepe yapamwamba kwambiri mwa zimene likufuna

Pa mutu wathu zimayalika motere. Pa sitepe 1 pali katundu wa bizinesi, ngongole, chaka cha bizinesi, ndalama zolowa ndi ekisipensi. Pa sitepe 2 pali mpamba, umene ndi katundu kuchotsapo ngongole; katundu wokhalitsa, amene amagwira ntchito kupitirira chaka chimodzi; phindu la chaka; ndi machingi. Pa sitepe 3 pali debiti ndi kirediti, zaka zogwira ntchito, ndi mtengo wotsala. Dipirisiyeshoni ikufuna machingi a pa sitepe 2 ndi makhadi awiri a pa sitepe 3, choncho ili pa 4, yokhayokha. Pa 5 pali njira ya sitireti layini, yogawa mofanana chaka ndi chaka, ndi dipirisiyeshoni yowunjikana, imene ndi kuphatikiza kwa zaka zonse zapitazo. Pa 6 pali mtengo wa m'mabuku, keringi amaunti ija, umene ndi mtengo wogulira kuchotsapo yowunjikanayo. Pa 7 pali njira ya ridyusingi balansi ndi phindu kapena kuluza pogulitsa katundu. Pa 8, pamwamba penipeni, pali akaunti ya disipozo, yolembamo za kugulitsa katunduyo, imene ikufuna phindu la pogulitsa la pa 7 ndi debiti ndi kirediti za pa 3.

Tayang'anani bwino chimene chachitika. Debiti ndi kirediti, zimene zimaliza anthu ambiri chaka choyamba, zili pansi, pa sitepe 3. Fomula ya sitireti layini, imene mwana wa pulayimale akhoza kuiwerengetsera, ili pa 5. Kuvuta kwa mfundo ndi sitepe yake ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukasanja potengera mmene mutu ukuwawira, mudzakankhira debiti ndi kirediti kumapeto, ndiye mudzafika pa akaunti ya disipozo mulibe poponda. Sitepe imangokuuzani kuchuluka kwa zinthu zimene ziyenera kukhala kale m'mutu, osati thukuta limene mfundoyo idzakukhetsani.

Onaninso kuti dipirisiyeshoni ili yokha pa sitepe yake ndipo zonse za pamwamba zikudutsira pa iyo. Khadi lotere ndi khosi la mutu wonse. Likakhala losamveka, masitepe anayi a pamwamba pake amagwa limodzi, choncho ndi pamene muyenera kuthera nthawi yambiri ngakhale manotsi anu apatsa mfundoyo mizere itatu yokha.

Sitepe 1 si chiyambi cha nzeru zonse, ndi poyambira pa kosi yanu basi. M'chaka choyamba ekisipensi timaifotokoza mwachidule ngati zimene bizinesi yawononga kuti ipeze ndalama, ndipo zimakwana. M'makosi a patsogolo, malamulo a akaunti a dziko lonse lapansi amafotokoza ndalama zolowa ndi ekisipensi kudzera m'kukwera ndi kutsika kwa katundu ndi ngongole, ndiye makhadi awiriwa amakwera kuchoka pa sitepe 1. Musakumbe kupitirira pamene kosi yanu yalekezera.

Chachisanu: makhadi akamadikirana

Nthawi zina mumatsala ndi makhadi atatu kapena anayi m'manja, ndipo palibe limene lingatsike chifukwa lililonse likudikira linzake. Pa mutu uwu zimachitika pafupifupi kwa aliyense, ndipo zimachitika motere. Wophunzira wapanga khadi limodzi lalikulu lakuti "dipirisiyeshoni", n'kuikamo tanthauzo ndi njira zonse ziwiri zowerengetsera. Njira ya ridyusingi balansi imatenga peresenti ya mtengo wa m'mabuku, choncho kuseri walemba kuti ikufuna mtengo wa m'mabuku. Koma mtengo wa m'mabuku ndi mtengo wogulira kuchotsapo dipirisiyeshoni yowunjikana, imene ikufunanso dipirisiyeshoni. Mivi yazungulira n'kubwerera pomwe inayambira.

Musachotse muvi umodzi mwachisawawa kuti zitheke. Kuzungulira kotere kumatanthauza kuti khadi limodzi labisa mfundo ziwiri, ina yapansi ina yapamwamba. Ligaweni. Ganizo la dipirisiyeshoni, lakuti mtengo ugawidwe pa zaka, silifuna mtengo wa m'mabuku ngakhale pang'ono. Chimene chikufuna mtengo wa m'mabuku ndi njira imodzi yokha yowerengetsera. Mukaipatsa khadi lake, ganizo limatsika pa 4, yowunjikana pa 5, mtengo wa m'mabuku pa 6, ndipo ridyusingi balansi imakwera pa 7.

Manambala amaonetsa kuti kugawa kumeneku n'koona. Furiji ija ya $1,200, pa 20 peresenti ya ridyusingi balansi, chaka choyamba dipirisiyeshoni ndi $240, ndipo mtengo wa m'mabuku ukutsala $960. Chaka chachiwiri mukutenga 20 peresenti ya $960, osati ya $1,200, ndiye ndi $192, kutsala $768. Simungafike pa $192 musanadziwe kuti $960 yachokera kuti. Pamene pa sitireti layini, ngati furiji igwira ntchito zaka 5 n'kutsala ndi mtengo wa $200, mumangochita

(1,200 − 200) ÷ 5 = 200

chaka chilichonse, osayang'ana mtengo wa m'mabuku. N'chifukwa chake njira ziwirizi, zimene masilayidi amaziika pa tsamba limodzi ngati mapasa, zili masitepe awiri kutalikirana. Amene amaziwerenga pamodzi tsiku limodzi ndi amene pa mayeso amachotsa mtengo wotsala asanatenge peresenti, kapena kutenga peresenti ya mtengo wogulira chaka chilichonse.

Kuzungulira kwina kumene mudzakumane nako mu akaunti ndi kwa mpamba ndi phindu. Mankhwala ake ndi omwewo: mpamba ngati katundu kuchotsapo ngongole ndi khadi lapansi, pamene mpamba wa kumapeto kwa chaka, umene ndi woyamba kuwonjezerapo phindu n'kuchotsapo zimene mwini watapa, ndi khadi lina lapamwamba.

Zikakhala kuti mfundo ziwiri sizigawikadi, monga debiti ndi kirediti zimene palibe imene imamveka popanda inzake, ziphatikizeni pa khadi limodzi, muziphunzire limodzi.

Amene muli ndi laputopu ya Linux kapena Mac, pali lamulo lakale la pa kompyuta lotchedwa `tsort` limene limachita ntchito yoyala yomweyi. Mumalemba mivi mufayilo, tinene ya dzina lakuti `mivi.txt`, mzere uliwonse mayina awiri, lapansi kumanzere, lapamwamba kumanja, dzina lililonse lopanda mpata pakati:

```
machingi dipirisiyeshoni
zaka dipirisiyeshoni
dipirisiyeshoni yowunjikana
yowunjikana mtengo_mmabuku
mtengo_mmabuku ridyusingi
```

Mukalemba `tsort mivi.txt` limatulutsa mndandanda umene palibe mfundo yobwera isanafike imene ikuimirapo, ndipo likapeza kuzungulira limakuuzani mayina amene akudikirana. Silikupatsani manambala a masitepe, ndipo silingadziwe ngati muvi wanu ndi wabodza. Ineyo ndimakondabe mapepala, chifukwa kusuntha khadi ndi dzanja kumakukakamizani kunena chifukwa chake, ndiponso magetsi akazima ntchito siima. Mukamaliza kuyala, jambulani chithunzi ndi foni ana asanadutse pamkekapo.

Chachisanu ndi chimodzi: samutsani manotsi

Tsopano ndi pamene mulembe. Gwiritsani ntchito fayilo ya mapepala ochotseka, osati kope losokedwa, chifukwa masamba adzasuntha. Mfundo iliyonse ikhale ndi tsamba lake, ndipo pakona lembani sitepe yake ndi chilembo: 5a, 5b, 6a. Pamwamba dzina, kenako mzere wa "ikufuna", kenako tanthauzo m'mawu anu, kenako chitsanzo, ndipo pansi penipeni kumene zachokera, K14 ndi anzake aja. Musakopere zonse zimene zili m'magwero. Ngati kope, masilayidi ndi chithunzi zikunena chimodzimodzi, lembani kamodzi. Ngati zikutsutsana, buku la kosi kapena aphunzitsi ndiwo aweruze, ndipo kumbukirani kuti chithunzi cha bolodi nthawi zambiri chimajambulidwa aphunzitsi asanakonze pamene analakwitsa.

Pa tsamba lililonse pali lamulo limodzi lolimba: musagwiritse ntchito mawu a sitepe ya pamwamba. Tsamba la 4 lisatchule mtengo wa m'mabuku. Mukaona kuti dzanja likufuna kulemba mawu otero, mwina chiganizocho kwawo ndi tsamba lina, kapena muvi wina unasowa.

Chimene chimamanga masamba onsewa pamodzi ndi chitsanzo chimodzi chokwera nawo masitepe onse. Manotsi a m'kalasi amasintha chitsanzo sabata iliyonse, lero galimoto, mawa makina osindikizira, ndiye simuona kuti nambala ya apa ndi yomwe ija ya uko. Inu gwiritsitsani furiji. Pa sitepe 2 ndi katundu wokhalitsa wa $1,200. Pa 3 ili ndi zaka 5 ndi mtengo wotsala wa $200. Pa 5 ikutsika $200 pa chaka, ndipo pakatha zaka 3 yowunjikana ndi $600. Pa 6 mtengo wa m'mabuku ndi $1,200 kuchotsapo $600, kutsala $600. Pa 7 mayi aja aigulitsa $700, ndiye phindu ndi $100. Akanaigulitsa $450 akanaluza $150. Pa 8 akaunti ya disipozo ikulandira $1,200 ku debiti, $600 ya yowunjikana ndi $700 ya malonda ku kirediti. Kirediti yakwana $1,300, debiti $1,200, ndipo kusiyana kwa $100 ndi phindu lomwe lija, limene likupita ku sitetimenti ya phindu ndi kuluza. Nambala iliyonse ya pa tsamba lomaliza mukhoza kuilozera tsamba limene inabadwira.

Mafunso a tyutoriyo ndi a mayeso akale aikeni kuseri kwa tsamba la mfundo yapamwamba kwambiri imene funsolo likufuna. Funso lokhala ndi kugulitsa katundu lipite pa 7 kapena 8, ngakhale linaperekedwa sabata yachiwiri.

Chachisanu ndi chiwiri: yesani makwerero, kukwera ndi kutsika

Kukwera kumafuna mnzanu, makamaka amene sachita kosi yanu. Tsekani fayilo, mumufotokozere kuyambira sitepe 1, ndipo mumuuze kuti akuimitseni mukangotchula mawu amene simunawafotokoze. Akakuimitsani, onani ngati mawuwo ali ndi khadi. Ngati alibe, ndi dzenje. Ngati ali nalo koma lili pamwamba, khadi limodzi lili pa sitepe yolakwika.

Kutsika kumafuna funso la mayeso akale. Liyankheni mpaka pamene mwakakamira, ndiye mufunse kuti ndi khadi liti limene lakugwirani. Tinene kuti mwapeza phindu la pogulitsa pochotsa $700 ku $1,200, n'kunena kuti mayi aja aluza $500. Cholakwika chaonekera pa sitepe 7, koma matenda ali pa 6: mwayerekeza malonda ndi mtengo wogulira m'malo mwa mtengo wa m'mabuku. Tsikani pa 6. Ngati pamenepo mukulepheranso kunena chifukwa chake timachotsa $600, tsikani pa 5, mpaka mufike pa tsamba limene mukulifotokoza osadodoma. Kuwerenga kwanu kuyambire pamenepo, osati pa tsamba loyamba la fayilo.

Pali zizindikiro zina zakuti kuyala sikunayende bwino. Khadi lopanda muvi wolowa kapena wotuluka mwina ndi la mutu wina, kapena simunalimvetse mokwanira kuti muone chimene likufuna. Khadi lofuna zinthu zisanu kapena kuposa nthawi zambiri labisa mfundo ya pakati imene simunaipatse dzina. Ndipo ngati theka la makhadi lagwera pa sitepe 1, ndiye kuti pa gawo lachitatu munangowerenga matanthauzo a m'masilayidi m'malo mofotokoza ndi pakamwa panu. Bwererani mukanyamule khadi lililonse kachiwiri.

Sabata iliyonse ikatha, mfundo zatsopano zipatseni makhadi, muzifunse funso lomwe lija, muzilowetse pa sitepe yake. Mitu ikachuluka mudzaona kuti makhadi apansi, monga machingi ndi debiti ndi kirediti, akugwira ntchito m'mitu ingapo. Musawalembenso, ingolozerani tsamba lawo.

Njira iyi imagwira bwino pa maphunziro amene mfundo zimaberekana, monga akaunti, masamu, sitatisitiki, kemisitiri ndi ikonomikisi. Pa histore kapena litirecha mivi yeniyeni imakhala yochepa, chifukwa mukhoza kufotokoza Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963 kwa munthu amene sanawerenge mutu wina uliwonse wa kosiyo. Kumeneko yalani m'masitepe mawu ofufuzira okha, monga utsamunda, ufulu wodzilamulira ndi ulebala wa m'migodi ndi m'mafamu, koma zochitika muzisanje potsata zaka ndi zoyambitsa. Ndipo ngati mayeso atsala masiku awiri, musayambe kudula mapepala a mutu wonse. Tengani mafunso atatu akale, muchite kutsika kokha, mulembe masamba a mfundo zimene zakugwiranizo.